Kupeka nyimbo ya Khrisimasi pamene muli ndi ng'oma ziwiri ndi pakamwa basi

Matchalitchi ambiri a nthambi kuno ku Kasungu, kaya ndi cha ku Chamama, ku Santhe kapena ku Chulu, alibe kiyibodi kapena gitala. Alipo ndi amayi khumi ndi angapo, abambo anayi kapena asanu, ana, ndi ng'oma ziwiri zomwe zimagona kuseri kwa guwa. Vuto limabwera pamene kwaya yotere yatenga nyimbo yomwe idapekedwera zoimbira zina. Malo amene kiyibodi imayenera kudzaza amangokhala zii, anthu amasowa polowera, ndipo pofika ndime yachitatu mawu atsikira m'chitsime. Ndi bwino kupeka yanu, yoti ng'oma ndi mawu zizikwanirana zokha. Ndikuonetsani njira yake pa nyimbo imodzi, kuyambira pa mawu mpaka tsiku loimba.

Sankhani nkhani imodzi, kenako pezani yankho la mpingo

Nkhani ya kubadwa kwa Yesu ili pa Luka 2:1-20 ndi pa Mateyu 2:1-12. Musazisakanize m'nyimbo imodzi yaifupi. Luka ndi amene akunena za oweta nkhosa, za mngelo ndi za modyera ziweto. Mateyu akunena za anzeru a kum'mawa, ndipo akuti adapeza mwanayo m'nyumba, sadatchulenso kuti adalipo angati. Ife titenga Luka, makamaka vesi 15, pamene oweta aja akuuzana kuti apite ku Betelehemu akaone zomwe zachitika.

Musayambe ndi ndime. Yambani ndi mawu amene mpingo wonse udzapolokoze, chifukwa ndiwo msana wa nyimbo yopanda zoimbira. Akhale aafupi moti gogo amene wamva kawiri azitha kulowa kachitatu. Athu ndi awa:

Tiyeni tikaone.

Anenereni mokweza monga mukuuza mnzanu panjira. Mumva kuti pali maphatikizo awiri amene amakoka: ti-YE-ni tika-O-ne. Chichewa chimakonda kutalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, makamaka pothera mzere. Lamulo lonse la ntchitoyi lagona pamenepa: ng'oma yaikulu igwe pa phatikizo lokokalo. Ikagwa pena, anthu amamva ngati nyimbo ikutsimphina ngakhale sangathe kufotokoza chifukwa chake.

Tsopano yendani pamalo amodzi, mapazi anayi, mukuwerenga kuti 1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi. Phazi likugwa pa nambala, "ndi" ali pakati. Mawu athu akhala motere:

```
ndi | 1   ndi  2   ndi  3   ndi  4
Ti  | ye  ni   ti  ka   o   -    ne
```

"Ti" akulowa phazi loyamba lisanagwe, "ye" ali pa 1, "o" ali pa 3 ndipo akukokedwa phazi lathunthu. Bwerezani zimenezi mpaka thupi lizolowere. Apa mwapeza chikombole: maphatikizo 7, okoka ali pachiwiri ndi pachisanu ndi chimodzi. Mzere uliwonse wa woyambitsa uyenera kulowa m'chikombole chomwechi.

Kulemba ndime

Ntchito yotenga nthawi ndi iyi, ndipo ndi pamene ambiri amathamangira. Lembani mzere, werengani maphatikizo ndi zala, kenako uyankhuleni mukuyenda.

Tiyese mawu a mngelo: "Musaope, wabadwa." Maphatikizo alipo 7, ndiye mutha kuganiza kuti zatheka. Koma yankhulani: musa-O-pe. Kukoka kuli pachitatu, pamene ng'oma yathu ikugwa pachiwiri, ndiye anthu adzakakamizika kuimba kuti mu-SA-ope. Palibe amene amayankhula choncho. Osalimbana nawo mzerewo, usintheni: "Lekani mantha onse." Le-KA-ni mantha O-nse. Tanthauzo ndi lomwe lija, ndipo wakhala pa ng'oma popanda kuukankha.

Ndime yoyamba yatuluka chonchi, ndipo pakatha mzere uliwonse mpingo ukuyankha kuti "Tiyeni tikaone":

Oweta, tadzukani
Kuthengo kwawalatu
Mngelo wanenetsa
Lekani mantha onse

Ndalemba "oweta" dala. "Abusa, tadzukani" akulowanso bwino m'chikombole, koma muimbe mawu amenewo abusa a mpingo ali phee pampando kutsogolo, achinyamata adzagwa ndi phwete ndipo nyimbo idzathera pompo.

Taonaninso "Mngelo". M woyambayo ndi phatikizo palokha, amaimbidwa milomo itatsekedwa, ndipo akukhala pa "ndi" wolowera uja. Woyambitsa asamudumphe, apo ayi mzere uperewera.

Ndime yachiwiri ikufotokoza zomwe akapeze:

Kumudzi kwa Davide
Pogona padasowa
Khandalo aliika
Modyera mwa ziweto

Yachitatu ndi yathu ife oimba. Disembala kwathu kuno ndi mwezi wa kupalira ndi kuthira feteleza, fodya ali m'munda, mvula ili pakhomo. Nyimbo ikatchula zimenezi kamodzi kokha, anthu amaitenga ngati yawo:

Ifenso a Kasungu
Makasu tawasiya
Mvulayi isaletse
Ambuye atipeza

A ku Mchinji angoika "Ifenso a Mchinji", m akhale phatikizo palokha, zikwana. Ndime zitatu nzokwanira. Yachinayi nthawi zambiri imangobwereza zomwe zanenedwa kale.

Pakufunikanso kolasi, pomwe woyambitsa ndi mpingo amaimbira pamodzi. Tiitenga pa nyimbo ya angelo, Luka 2:14, koma m'mawu olowa m'chikombole chathu:

Ulemu kwa Mulungu
Kumwamba kwenikweni
Padziko mtendere
Wabadwa Mpulumutsi

Mizere iwiri yomalizayi ili ndi msampha. Mu "Padziko mtendere", m ayenera kumveka payekha pa phazi lachiwiri kuti maphatikizo akwane 7. Mu "Wabadwa Mpulumutsi" akamveka payekha akhala 8, ndiye mummatize ku phatikizo lapambuyo, kuimba ngati wa-ba-dwam-pu-lu-mu-tsi. Auzeni oimba zimenezi tsiku loyamba lomwe, chifukwa akazolowera mosiyanasiyana, theka la kwaya lizifika pa "tsi" anzawo asanafike.

Mawu akatha, apatseni akulu ampingo, akatekisiti kapena abusa awerenge musanaphunzitse aliyense. Kusintha liwu limodzi papepala nkosavuta, koma kulichotsa m'kamwa mwa anthu makumi awiri ndi ntchito.

Chuni

Yankhulani mzere uja mokokomeza, mumvetsere pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika. Kayankhulidwe kathu kamayamba pamwamba ndi kumatsika pofika kumapeto kwa chiganizo, ndipo chuni chotsata njira imeneyi chimagwidwa msanga. Ine ndimakonda kumanga chuni cha mpingo pa manoti asanu okha: do, re, mi, so, la. Fa ndi ti ali pafupi kwambiri ndi anzawo oyandikana nawo, ndipo popanda choimbira chowawongola ndi pamene anthu osazolowera amaterereka.

Pansipa ndalemba mwa sofa monga amachitira makwaya ambiri. Kachizindikiro kapamwamba kakutanthauza noti ya pamwamba, kapansi ya pansi.

```
Woyambitsa:        m | s s l s | m - m
Yankho lotsekula:  m | m r d d | r - r
Yankho lotseka:    m | m r d r | d - d
```

Pali zinthu ziwiri zomwe zachitika dala apa. Choyamba, woyambitsa akuthera pa mi, ndipo mpingo ukuyambira pa mi yemweyo. Ntchito yomwe kiyibodi ikadagwira, yopatsa anthu noti yolowera, akuigwira ndi woyambitsa. Mukamapeka yanu, onetsetsani kuti noti yomaliza ya woyambitsa ndi yoyamba ya mpingo ndi imodzi kapena nzoyandikana. Chachiwiri, mayankho alipo awiri. Lothera pa re limasiya khutu likudikira, ndiye muliimbe pa mzere woyamba ndi wachitatu. Lothera pa do limakhazika mtima pansi, likhale pa wachiwiri ndi wachinayi. Mawu ndi amodzimodzi, koma nyimbo siitopetsa.

Kolasi ikwere kuti isiyane ndi ndime:

```
Ulemu kwa Mulungu:     s | d' d' l l | s - s
Kumwamba kwenikweni:   m | s s l s | m - m
Padziko mtendere:      m | s s m d | r - r
Wabadwa Mpulumutsi:    m | m r d r | d - d
```

Mzere wachiwiri ndi chuni cha woyambitsa chija, wachinayi ndi yankho lotseka lija. Zatsopano zoti anthu aphunzire ndi mizere iwiri yokha. Chuni chonse chikuyenda kuchokera pa do wapansi kufika pa do wapamwamba, osapitirira. Mpingo wokhala ndi ana ndi okalamba sufuna zoposa pamenepo.

Za kugawa mawu, musakakamire magulu anayi ngati abambo alipo anayi okha. Mukawagawa tena awiri besi awiri, onse amamira. Magulu atatu ndi okwana: sopulano pa chuni, alito, ndi besi. Abambo a mawu opyapyala aimbe chuni chomwecho pansi. Pa yankho lotsekula, alito aimbe d | d t, s, s, | t, - t, ndipo besi aimbe d | d s, d d | s, - s, basi. Pa lotseka alito athere pa so wapansi, besi athere pa do. Besi ali ndi manoti awiri okha, do ndi so, ndipo safunikira ena. Alito ndi amene ali ndi ti, choncho muziwamvetsera kwambiri pa "o-ne". Akautsitsa ti ameneyo, kwaya yonse imatsika nawo.

Ng'oma

Ng'oma ziloweko mawu ndi chuni zitakhazikika, osati poyamba. Oimba ng'oma akayamba ndiwo, amabweretsa kaimbidwe komwe manja awo adazolowera, ndipo mawu amayamba kuthamangitsidwa.

```
            1   ndi  2   ndi  3   ndi  4   ndi
Yaikulu:    du  .    .   .    du  .    .   .
Yaing'ono:  .   .    ta  ta   .   .    ta  .
```

Yaikulu imenyedwe pakati ndi chikhatho, pa 1 ndi pa 3, pomwe pali "ye" ndi "o". Yaing'ono imenyedwe cha m'mphepete ndi zala. Onani kuti "ndi" womaliza ndi wopanda kanthu. Pamenepo ndi pamene "Ti" wa mpingo ndi phatikizo loyamba la woyambitsa zimalowera, ndipo ng'oma ikalira pompo imazikwirira. Mnyamata wa ng'oma yaing'ono adzafuna kudzaza mpata umenewu, chifukwa manja amayabwa. Mloleni akometse pa kolasi, pamene anthu onse akuimba mokweza ndi kuwomba m'manja pa mapazi onse anayi. Pa ndime, woyambitsa ali yekha, ng'oma zonse zitsike mpaka wokhala pabenchi lakumbuyo azimva liwu lililonse. Muyeso wake ndi womwewo: tumani munthu amene sadaone pepala akakhale kumbuyo, abwere akuuzeni mawu a ndime yachiwiri. Akalephera, ng'oma zakwera.

M'tchalitchi chaching'ono cha njerwa ndi malata musamenye ndi timitengo, phokoso limabwerera m'makoma. Oimba ng'oma akhale pambali pa kwaya, pomwe akuona nkhope ya woyambitsa.

Kuno kwathu kamenyedwe ka ng'oma kali ndi eni ake. Anthu akamva kofanana ndi mganda kapena chimtali amazindikira nthawi yomweyo, ndipo mipingo imasiyana pa zomwe imalola. Kamene kakukumbutsa za kudambwe kokha kapeweni m'tchalitchi, chifukwa mkangano wake udzaposa nyimboyo. Kamenyedwe kali pamwambapa ndi koyenda chabe, sikakhumudwitsa munthu.

Liwiro liyeseni ndi wotchi ya pafoni. Mapazi 24 pa masekondi 15 ndi abwino, kutanthauza 96 pa mphindi. Ndime imodzi ili ndi mizere 8 mukaphatikiza mayankho, kolasi yoimbidwa kawiri ilinso ndi 8, mzere uliwonse mapazi 4, zonse pamodzi mapazi 64. Pa liwiro limeneli ndime ndi kolasi yake zitenga masekondi 40, ndime zitatu mphindi ziwiri. Mukapeza kuti ndime yachitatu ndi kolasi yake zatha pa masekondi 32, ndiye kuti mwafika pa 120, ng'oma zathawa. Chizindikiro china mumachimva ndi khutu: "tikaone" amayamba kumveka ngati "tikone", ndipo okalamba amasiya kuimba. Amene amayambitsa liwiro nthawi zambiri ndi wa ng'oma yaing'ono pamodzi ndi owomba m'manja pa kolasi. Mankhwala ake ndi kuti wa yaikulu aziponda phazi pansi ndipo asatsatire munthu wina aliyense.

Chikopa cha ng'oma chimamwa chinyezi, ndipo m'dzinja chimalefuka mpaka ng'oma kumangoti bufu bufu. Mapemphero asanayambe, sonkhani kamoto panja kapena pakhonde, muiwambe chapatali ndi makala, mukuitembenuza ndi kuigogoda ndi chala mpaka liwu litakwera. Dzanja lanu likalephera kupirira pamene pali chikopapo, mwayandikitsa kwambiri, chingapse kapena kung'aluka. Yaing'ono ndi imene imafunika kuwamba kwambiri kuti isiyane bwino ndi yaikulu. Ngati nyimbo yanu ili kumapeto kwa mwambo wautali, wina atuluke nayo mwakachetechete akaiwambenso. Posunga, zipachikeni kapena ziikeni pabenchi, osati pansi pozira.

Kupeza poyambira popanda kiyibodi

Ng'oma siikupatsani noti, ndiye musayese kutengera poyambira pa kulira kwake. Njira yodalirika ndi kuyambira pamwamba. Woyambitsa ang'ung'udze chamumtima mzere wa "Ulemu kwa Mulungu", chifukwa "le-mu" ndiye nsonga ya nyimbo yonse. Apeze pomwe akuimba mawu amenewa osatukula chibwano, ndiyeno atsike: do wapamwamba, la, so, mi. Pa mi ameneyo ndi poyambira "Oweta". Zimatenga kanthawi kochepa, ndipo angathe kuchita ng'oma zikuyamba.

Pophunzira yesaninso mbali yapansi. Alito aimbe so wawo wapansi uja. Ngati akungotulutsa mpweya wopanda liwu, mwayambira pansi kwambiri, kwezani pang'ono. Mukapeza malo amene nsonga ndi tsinde zonse zikutheka, jambulani pafoni woyambitsa akuimba mzere woyamba, kuti azimvetsera asanalowe m'tchalitchi. Pa tsiku la chikondwerero mtima umagunda ndipo oyambitsa ambiri amayambira pamwamba kuposa masiku onse, kenako amayi amakuwa pa kolasi.

Kutsika kwa mawu pakati pa nyimbo mungakudziwe pojambula nyimbo yonse, kenako kumvetsera "Oweta" ndi "Ifenso" motsatizana. Ziyenera kuyambira pamodzimodzi. Ngati "Ifenso" ali pansi, fufuzani malo atatu. Oyamba ndi ti wa alito uja. Achiwiri ndi pamene chuni chikutsika, mi re do, chifukwa potsika anthu amatsetsereka mopitirira. Achitatu ndi mpweya: amene akuimba "o-ne" mpweya utatha amagwetsa noti. Nyimboyi ili ndi mwayi woti mpingo umapuma pamene woyambitsa akuimba, ndiye auzeni akoke mpweya pa nthawi imeneyo, osadikira kuti "Ti" afike. Pa kolasi palibe mpata wotere, choncho "ngu", "ni", "re" ndi "tsi" azidulidwa msanga, apume, alowe.

Kuphunzitsa

Mwezi uno anthu amaweruka kumunda atatopa, ndipo mvula yamasana imatha kulepheretsa kukumana. Konzani zoti nyimbo igwidwe pa maulendo anayi, kuyambira kumayambiriro kwa Disembala. Ulendo woyamba musaimbe msanga. Onse ayankhule mawu akuyenda pamalo amodzi, kenako aphunzire mayankho awiri ndi kolasi, onse pa chuni chimodzi. Wachiwiri lowetsani besi, akakhazikika alito. Wachitatu ng'oma, yaikulu yokha poyamba. Wachinayi imbani yonse mutaima pomwe mudzaime, ndipo muyeserere poyambira ndi pothera kangapo konse, chifukwa ndi pamene pamagwa ngozi.

Poyambira: yaikulu yokha mapazi 8, yaing'ono ilowe mapazi 8 ena, woyambitsa alowe pa "ndi" womaliza. Pothera: kolasi yomaliza ikamabwerezedwa, woyambitsa akweze dzanja pa "Padziko mtendere", ndipo ng'oma zonse zimenye kamodzi pa "tsi" ndi kuleka. Gwirizanani chizindikirochi, apo ayi wa ng'oma adzapitiriza yekha mapazi awiri anthu atasiya.

Mpingo wonse suyenera kubwera kophunzira. Lamulungu lomaliza Khrisimasi isanafike, mapemphero atatha, tengani mphindi zisanu muwaphunzitse "Tiyeni tikaone" yekha. Ana a Sande sukulu amagwira msanga, ndipo akamabwerera kwawo akuimba m'njira, makolo amafika pa 25 Disembala akuidziwa kale.

Mvula ikagwa mwamphamvu pa malata nyimbo ili pakati, mawu a munthu mmodzi samveka. Gwirizanani kale kuti zikatero amayi atatu kapena anayi a sopulano adzathandize woyambitsa pa mizere yake, alito asiye zawo abwere pa chuni, ndipo ng'oma yaing'ono ileke kuti yaikulu yokha isunge mapazi. Phunzitsaninso woyambitsa wachiwiri kuyambira ulendo woyamba, ndipo aziyambitsa ndime imodzi nthawi zonse pophunzira. Ngati woyamba amakhala kutsidya kwa dambo, kapena mawu amuthera ndi chimfine, wachiwiriyo akhale ndi pepala la ndime zonse zitatu m'thumba ndi kajambulidwe ka noti yoyambira m'foni mwake.